Mitsuko iwiri ndi pulasitiki imodzi: mmene mungafotokozere haipothesisi pa asembule

Teremu yoyamba ikangoyamba, sipapita masabata awiri ndisanalandire foni ya mphunzitsi wa sayansi yemwe ahedi amuuza kuti Lolemba akayankhule pa asembule. Funso limakhala lomwelo. Mutu wake ndi haipothesisi, ana ndi ambiri, nthawi ndi yochepa, ndiyambire pati? Ndaphunzitsa sayansi kuno ku Nkhotakota kwa zaka zambiri ndipo funsoli ndaliyankha pa foni, pa mabenchi a ku stafu, ngakhale mu minibasi yopita ku Salima. Ndaona kuti ndingolilemba kamodzi, aliyense wofuna azibwera kudzawerenga.

Chomwe ndikufuna mugwire n'chimodzi. Mwana akachoka pa asembule ataloweza tanthauzo la m'buku, simunachite kanthu, chifukwa limenelo akanaliloweza m'kalasi. Koma akachoka atadziwa kufunsa kuti, "Kodi n'chiyani chikanaoneka ganizoli likanakhala labodza?" ndiye kuti mwagwira ntchito. Masitepe onse ali m'munsiwa akulunjika pa funso limeneli.

1. Pemphani masiku awiri, osati limodzi

Pitani kwa ahedi mukapemphe mphindi zisanu Lolemba ndi mphindi zitatu Lachisanu. Ngati sukulu yanu imachita asembule kamodzi pa sabata, pemphani masabata awiri otsatizana. Tsiku loyamba ndi lonena zomwe mukuganiza, lachiwiri ndi lomva zomwe zatuluka. Masiku apakatiwo ndi amene amaphunzitsa, chifukwa ana amakhala akudikira osadziwa ngati aphunzitsi awo apambana kapena agwa.

Pa ulendo womwewo kambiranani za chiyankhulo. Sukulu zambiri za sekondale zimafuna Chingerezi chokhachokha pa asembule. Pemphani kuti chitsanzo muchifotokoze m'Chichewa, mawu a sayansi okhawo muwatchule monga alili pa mayeso. Mwana wa Fomu 1 yemwe wangochoka kumene ku pulayimale akamalimbana ndi chiyankhulo, mfundo imamudutsa.

Mphindi zisanu musazipitirire. Dzuwa la kuno la mu Okutobala limakhala litayamba kale kuotcha ana akamaimba nyimbo ya fuko, ndipo ena abwera osadya kanthu.

2. Sankhani chinthu chimodzi chomwe mwana aliyense anachigwirapo

Ine ndimagwiritsa ntchito mtsuko. Palibe mwana wa kunyanja kuno amene sadziwa kuti madzi a mumtsuko amazizira kuposa a m'ndowa ya pulasitiki. Palibe amene angatsutse. Koma mukafunsa chifukwa chake, mayankho amasiyana, ndipo pamene mayankho asiyana ndi pamene haipothesisi imabadwira.

Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi kuunjika zitsanzo: mbewu zomera, mwala wogwa, udzudzu, batire, zonse m'mphindi zisanu. Mwana sakumbukirapo ngakhale chimodzi. Tengani mtsuko basi.

Musanaime pamaso pa ana, inuyo muumvetse kaye. Mtsuko wa dothi wootchedwa uli ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi amadutsa pang'onopang'ono m'timabowomo n'kufika kunja, n'chifukwa chake mtsuko wabwino umakhala wonyowa ngati ukuchita thukuta. Madzi akunjawo akamauma, kusanduka nthunzi, amatenga kutentha, ndipo gawo la kutenthako limachokera ku mtsuko ndi madzi a mkati. Kuti galamu imodzi ya madzi isanduke nthunzi pamafunika majulo pafupifupi 2,400, pomwe kutenthetsa galamu yomweyo ndi digiri imodzi kumangofuna majulo 4.2. Choncho mamililita 100 akauma pa mtsuko wa malita 10, kutentha kochokako n'kokwanira kutsitsa madzi onse ndi madigiri oposa asanu. Satsika chonchi ndendende chifukwa mpweya wozungulira umabwezeramo kutentha kwina. Manambalawa ndi anu, osati a pa asembule. Amakuthandizani mwana wa Fomu 4 akakutsatirani pambuyo ndi funso.

3. Siyanitsani zinthu zitatu pa pepala lanu

Tengani pepala mulembe mizere itatu.

Mzere woyamba ndi funso: N'chifukwa chiyani madzi a mumtsuko amazizira?

Wachiwiri ndi haipothesisi: Amazizira chifukwa madzi odutsa m'dothi amauma kunja kwa mtsuko n'kutenga kutentha.

Wachitatu ndi chiyembekezo: Tikakulunga mtsuko m'pulasitiki kuti madzi akunja asaume, madzi a mkati sazizira ngati a mumtsuko wosakulunga.

Mawu akuti haipothesisi anafika kwa ife kudzera m'mabuku a sukulu, ndipo gwero lake ndi Chigiriki. Ine ndimawauza ana kuti ndi yankho loyembekezera: chifukwa chomwe ukuchiganizira, chomwe wachiika poyera kuti chiyesedwe. Mawu akuti "kungoganizira" paokha ndimawapewa, chifukwa mwana amamva ngati ndi kulota kapena kuombeza. Haipothesisi imachokera pa zomwe waona kale. Waona mtsuko uli wonyowa kunja, wamva thupi lako likuzizira mphepo ikaomba uli ndi thukuta, ndiye walumikiza ziwirizo.

Aphunzitsi ambiri amasokoneza mzere wachiwiri ndi wachitatu. Amauza ana kuti haipothesisi ndi kunena zomwe zichitike. Ayi. Haipothesisi imanena chifukwa. Chiyembekezo chimanena zomwe maso aone ngati chifukwacho n'choona. Haipothesisi simungaigwire ndi dzanja, chifukwa palibe amene amaona kutentha kukutuluka m'dothi. Chimene mumachigwira ndi chiyembekezo, pa themometa.

4. Lembani chomwe chingakugwetseni

Apa ndi pamene ambiri amalumpha, ndipo ndi pamene pagona nkhani yonse. Musanagule mtsuko, musanalembe liwu limodzi la zoyankhula zanu, lembani mzere wachinayi: "Ndidzavomera kuti ndalakwa ngati…" Malizitsani chiganizocho ndi chinthu chomwe mwana wa Fomu 1 angachione yekha.

Pa nkhani ya mtsuko, mzerewo ukhale motere: "Ndidzavomera kuti ndalakwa ngati pofika 2 koloko masana madzi a m'mitsuko yonse iwiri ali ndi kutentha kofanana, kapena asiyana ndi digiri imodzi yokha, kwa masiku atatu." Onani kuti muli nthawi, muli muyezo, muli chiwerengero cha masiku. Digiri imodziyo ndaiikamo chifukwa themometa za m'masukulu mwathu zimawerengedwa ndi diso, ndipo ana awiri angathe kusiyana ndi theka la digiri kapena kuposa poyang'ana chida chomwecho. Kusiyana kochepa chotere sikutiuza kanthu.

Mzerewu umavuta kulemba, osati chifukwa cha sayansi, koma chifukwa cha mtima. Mphunzitsi anazolowera kukhala wodziwa. Kuima pamaso pa sukulu yonse, ahedi ali pambali, n'kunena kuti "Lachisanu ndikhoza kupezeka wolakwa" kumachititsa mantha. Koma mukapanda kunena zimenezo, mawu anu onse okhudza kuyesa amakhala opanda mano. Ana amazindikira msanga mpira womwe wopambana anadziwika kale.

Kuti muone chifukwa chake mzere wachinayi ndi wofunika, ikani mayankho atatu pambali. Onse atatu ndinawamvapo kwa ana.

Loyamba ndi lathu lija, la madzi ouma kunja. Lachiwiri likuti dothi ndi lochindikala, ndiye limatchinga kutentha kwa kunja kuti kusalowe. Lachitatu likuti mtsuko uli ndi mphamvu yake yoziziritsa, ndi mmene unalengedwera.

Yankho lachiwiri musalipeputse. Ndi haipothesisi yabwino kwambiri, ngakhale siyokwanira, chifukwa imalonjeza zinthu zomwe tingazione. Ngati nkhani ndi kuchindikala kwa dothi, kukulunga mtsuko m'pulasitiki sikuchotsa kuchindikalako, ndiye mitsuko iwiri iyenera kufanana. Imalonjezanso china: chinthu chongotchinga chimachedwetsa madzi kutentha, koma sichingawatsitse kuposa mmene anayambira pomwe mpweya wa kunja ukutentha kuposa madziwo. Ndiye kutentha kwa madzi kukatsika masana dzuwa lili pamutu, yankho lachiwiri laperewera. Mwaona? Mayankho awiriwa akuyembekezera zinthu zosiyana pa mtsuko womwewo, ndipo themometa ikhoza kuweruza.

Tsopano yesani lachitatu. Mtsuko wokulunga ukazizira, mwini yankho anena kuti mphamvu ija yagwira. Ukapanda kuzizira, anena kuti pulasitiki yatsekereza mphamvu. Madzi akatentha, mphamvu yatopa. Chilichonse chimene chingatuluke, iye wapambana. Ana amaona ngati limeneli ndi yankho lolimba kuposa onse chifukwa palibe chomwe chingaligwetse. Ntchito yanu ndi kuwaonetsa kuti pomwepo ndi pamene pali kufooka kwake. Yankho lovomereza chilichonse silikuuzani choti muchite mawa. La madzi ouma limakuuzani kuti mtsuko muuike podutsa mphepo, musaupake penti, ndipo ukakalamba timabowo titatsekeka mugule wina. La mphamvu silikuuzani kanthu. Katswiri wa nzeru za sayansi Karl Popper anaitsindika mfundoyi kuyambira mu 1934: ganizo limakhala la sayansi pokhapokha ngati pali chinthu chomwe, chitaoneka, chingalitsutse.

Ngati mukufuna chitsanzo chachiwiri cha chiganizo chimodzi kapena ziwiri, chitengeni ku doko. Wina akati, "Usipa umaphedwa wambiri msodzi akakhala ndi mwayi," mufunseni kuti mwayiwo tiudziwa bwanji asanapite pa nyanja. Yankho limakhala lakuti tiudziwa akabwera ndi usipa. Ganizolo likungozungulira pamalo amodzi. Koma wina akati, "Usipa umaphedwa wambiri kukakhala mdima kusiyana ndi mwezi ukawala, chifukwa nyali za asodzi zimaukoka bwino mumdima," ameneyo wadziika poti akhoza kugwa. Mwana akhoza kukhala ndi kope, kulemba ndowa zotsika pa doko m'mawa uliwonse kwa miyezi iwiri, n'kufananitsa ndi maonekedwe a mwezi.

Pano ndichenjeze ndi mtima wonse. Musatenge chikhulupiriro cha makolo a ana kapena chipembedzo chawo n'kuchisandutsa chitsanzo cha ganizo losayeseka. M'mizere imeneyo mwaima ana a ku mzikiti, ana a ku tchalitchi, ndi ana a asodzi omwe ali ndi miyambo yawo ya pa nyanja. Mukangoseketsa sukulu ndi chinthu chomwe mwana amachilemekeza kwawo, mwamutseka makutu, ndipo akapita kunyumba akanena kuti sayansi imanyoza. Komanso si zoona kuti chosayeseka n'chabodza kapena chopusa. Funso lakuti kodi kuba n'kulakwa silingayesedwe ndi themometa, koma ndi funso lalikulu. Chomwe mukunena n'chochepa: ganizo likakhala losayeseka, sayansi ilibe poligwira. Nenani chimenecho, musapitirire.

Palinso kusiyana kwina komwe ana ochenjera amafunsa. Ganizo lomwe sitingaliyese lero chifukwa chosowa chida silifanana ndi lomwe silingayesedwe n'komwe. Sukulu ikakhala ilibe themometa, haipothesisi ya mtsuko ikadali yoyeseka, chasowa ndi chida chabe. Koma ya mphamvu ija, ngakhale mutabweretsa labotale yonse, palibe muyezo womwe ungaigwetse.

Mukakhala ndi kalasi ya akuluakulu pambuyo pake, nkhani ya malungo imagwira bwino pa mfundo yomweyi, chifukwa kuno malungo timawadziwa tonse. Kwa nthawi yaitali anthu a ku Ulaya ankati malungo amabwera ndi mpweya woipa wa m'madambo. Mu 1897, Ronald Ross ali ku India anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu. Mu 1900, madokotala awiri, Louis Sambon ndi George Low, anakakhala pafupifupi miyezi itatu pafupi ndi Ostia ku Italy, dera la malungo ambiri, m'kanyumba kotchingidwa ndi sefa wa waya, ndipo ankalowa dzuwa lisanalowe. Mpweya wa m'dambo unkadutsa pa sefayo, udzudzu sunkadutsa. Vuto likanakhala mpweya, akanadwala. Sanadwale, pomwe anthu owazungulira ankadwala. Anadziika pamalo poti ganizo lawo lakuti malungo amabwera ndi udzudzu likanakhala lolakwa, matupi awo omwe akanaonetsa.

5. Konzani mitsuko, ndipo yesani nokha kaye

Gulani mitsuko iwiri kwa woumba mmodzi, yofanana kukula, yosapakidwa chilichonse. Ija yonyezimira yokongoletsera m'nyumba siigwira, chifukwa timabowo take tinatsekedwa. Ngati ndi yatsopano, idzazeni madzi igone usiku kuti dothi likhute kaye, m'mawa mutaye madziwo.

Mukufunikanso pulasitiki yaikulu yoonekera mkati, monga ija yokutira belo la shuga, chingwe kapena mphira womangira pakhosi, zivindikiro ziwiri zofanana, nkhata ziwiri, ndi themometa imodzi. Jumbo yakuda ayi. Mtundu wakuda umakoka kutentha, ndipo mwana wanzeru adzakufunsani kuti mukudziwa bwanji kuti si mtunduwo wachititsa. Adzakhala akunena zoona.

Tungani madzi pa mjigo m'ndowa imodzi m'mawa womwewo, mugawe mofanana. Musagwiritse ntchito madzi ogona, chifukwa usiku madzi amazizira m'chotengera chilichonse ndipo poyambira panu padzasokonekera. Mitsuko yonse ikhale pa mthunzi umodzi, pa khonde podutsa mphepo, yotalikirana pang'ono. Kulungani umodzi kuyambira pansi mpaka m'khosi, osasiya mpata. Yezani 8 koloko, 11 koloko ndi 2 koloko. Musanayeze takasani madzi, viikani themometa pakati osagunda dothi, dikirani mphindi imodzi, werengani ikadali m'madzi. Ana ambiri amaitulutsa kaye n'kuyamba kuwerenga, ndipo themometa yonyowa imasintha ikangokumana ndi mphepo.

Tsiku lachiwiri sinthanitsani: womwe unali wamaliseche muukulunge, wokulunga muuvule. Palibe mitsuko iwiri youmbidwa ndi manja yomwe imafanana ndendende. Kuzizira kukatsatira mtsuko wopanda pulasitiki masiku onse, osati mtsuko umodzi womwewo, mwatseka pakamwa pa aliyense wonena kuti mtsuko winawo unali wabwino kale.

Nyengo nayo muiganizire. Chaka china ndinachita zimenezi mu Febuluwale, mvula itagwa usiku wonse, mpweya uli wodzaza chinyezi. Madzi sankauma kunja kwa mtsuko, ndipo kusiyana kunali kochepa kwambiri moti sitinathe kunenapo kanthu. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa sindinayese ndekha kaye. Mpweya wa chinyezi sulandira nthunzi yambiri, monga mudziwa kuti zovala sizimauma msanga nthawi ya dzinja. Chitani mu Seputembala kapena Okutobala, kunja kuli gwaa.

Wina afunsa kuti, ngati ndayesa kale ndekha, si ndiye kuti ndikunamiza ana ponena kuti ndikhoza kugwa? Ayi, bola muwauze. Nenani kuti munayesapo kunyumba, koma sabata ino oyeza ndi iwo, ndipo zomwe apeze ndi zomwe ziwerengedwe.

6. Lolemba: zoyankhula zenizeni

Mitsuko ikhale patebulo pamaso pa onse musanayambe. Sankhanitu ana anayi oyeza, awiri aakazi ndi awiri aamuna, ochokera m'mafomu osiyana. Mzere wachinayi uja ulembeni ndi zilembo zazikulu pa katoni. Yankhulani ngati mukuuza mwana wa kumapeto kwa mzere, ndipo mukafunsa funso, dikiranidi yankho.

Mawu anga amayenda chonchi. Asintheni agwirizane ndi pakamwa panu.

"Ahedi, aphunzitsi anzanga, ana inu, mwadzuka bwanji. Amene kwanu kuli mtsuko, kwezani dzanja. Tsitsani. Madzi ozizira ndi ati, a mumtsuko kapena a m'ndowa? Tonse tagwirizana. Tsopano, chifukwa chiyani?"

Apa imani. Tengani mayankho awiri kapena atatu, muwabwereze mokweza kuti onse amve, osanena kuti ili n'lolondola kapena ayi. Kenako pitirizani.

"Aliyense wa anzanuwa wapereka chifukwa chomwe akuchiganizira. Pa sayansi, chifukwa chotere, chikaikidwa poyera kuti chiyesedwe, timachitcha haipothesisi. Yanga ndi iyi: madzi amadutsa m'dothi, amauma kunja, ndipo akamauma amatenga kutentha, monga thukuta limachitira pa thupi lanu. Koma kunena kokha sikukwanira, ngakhale wonenayo ndi mphunzitsi. Ngati ndikunena zoona, mtsuko uwu ndikaukulunga m'pulasitiki, madzi akunja sauma, ndipo a mkati sazizira ngati a mumtsuko uwo. Ngati mnzanu uja akunena zoona kuti dothi limangotchinga kutentha, mitsuko iwiriyi ifanana. Tonse awiri sitingapambane.

"Onani pa katoni apa. Ndalemba chomwe chingandigwetse. Anzanu anayi awa ayeza masiku atatu. Akapeza kuti mitsuko ikufanana, Lachisanu ndidzaima pano n'kunena kuti ndinalakwa.

"Nanga wina akati mtsuko uli ndi mphamvu yake basi? Mufunseni chomwe chingalembedwe pa katoni yake. Akapanda kupeza cholemba, ganizo lakelo sitingaliyese, ndipo sayansi ilibe poligwira. Sabata ino, aliyense amene akuuzeni chifukwa cha chinthu, mufunseni mwaulemu kuti: n'chiyani chikanaoneka zimenezi zikanakhala zosaona?"

Mukatero kulungani mtsukowo pomwepo onse akuona, mupereke katoni kwa ahedi kuti aisunge ku ofesi, mukhale pansi. Kuipereka kwa ahedi si mwambo chabe. Kumaonetsa ana kuti simungasinthe lonjezo lanu mutaona zotsatira.

Zinthu ziwiri musachite. Musayambe ndi tanthauzo, chifukwa mawu achilendo akabwera chitsanzo chisanafike amangouluka. Ndipo musaonjezere za kusiyana kwa haipothesisi ndi malamulo a sayansi kapena mayina a mitundu ya zinthu zosintha poyesa. Zimenezo n'za m'kalasi, pa bolodi.

7. Lachisanu: werengani zomwe zatuluka, osati zomwe munkafuna

Manambala awerenge ndi mwana, osati inu. Tiyerekeze kuti kope likuti madzi onse anayamba pa madigiri 28, ndipo pofika 2 koloko wokulunga unali pa 29 pomwe wosakulunga unali pa 24, ndipo atasinthanitsa zinatsatira pulasitiki. Itanitsani katoni ija kwa ahedi, iwerengedwenso, kenako funsani sukulu ngati mwagwa.

Apa samalani lilime. Musanene kuti "tatsimikiza" kapena "sayansi yaonetsa kuti ndi zoona basi." Nenani kuti haipothesisi yayesedwa ndipo sinagwe. Kusiyanaku n'kwenikweni. Zotsatira zogwirizana ndi ganizo lanu zikhoza kugwirizananso ndi ganizo lina lomwe simunaliganizire. Mwana akhoza kunena kuti pulasitikiyo yafunditsa mtsuko ngati bulangete, osati kuti yaletsa kuuma. Limenelo ndi funso labwino, ndipo mulilandire ndi manja awiri. Mufunseni chomwe tingayeze kuti tisiyanitse. Njira imodzi ndi kuika chizindikiro cha mlingo wa madzi m'mawa: ngati kuuma ndiko kukuziziritsa, mtsuko wozizira uyenera kukhalanso womwe madzi ake atsika kwambiri, ndipo mkati mwa pulasitiki muyenera kuoneka timadontho ta madzi omwe alephera kuthawa. Ina ndi kukulunga ndowa ya pulasitiki, yomwe sichita thukuta, n'kuona ngati kukulungako kukusintha kanthu.

Mutchulenso mwana uja wa yankho la kuchindikala kwa dothi, mumuthokoze pamaso pa onse. Ganizo lake laperewera, koma linali loyeseka, ndipo ndi lomwe lapangitsa kuti kuyesaku kukhale ndi tanthauzo. Mukamusiya achite manyazi, chaka chamawa palibe adzakweze dzanja.

Nanga mitsuko ikafanana? Chitani zomwe munalonjeza. Imani, nenani kuti malinga ndi katoni mwagwa sabata ino. Musasinthe nambala, ndipo musayambe pomwepo kutchula zifukwa zodzipulumutsira, chifukwa mukatero mwasanduka mwini yankho la mphamvu uja. Ngati mukukayikira kuti pulasitiki inabooka, kapena kunja kunali chinyezi, kapena mitsuko inali yotsekeka timabowo, chilichonse mwa zimenezi ndi haipothesisi yatsopano, ndipo chikufunika katoni yakeyake. Gwirani kunja kwa mtsuko wosakulunga: ngati kuli kouma masana onse, mtsukowo sukudutsa madzi ndipo kuyesako sikunakhudze n'komwe ganizo lanu. Lembani lonjezo latsopano, mupemphe ahedi mphindi zina zitatu sabata yotsatira, mubwereze ndi mitsuko ina.

Kope la oyeza lija musalitaye. Likhomeni pa bolodi la zolengeza pamodzi ndi katoni, masiku ndi maola zikuoneka, ndipo mitsuko muisiye pa khonde ndi themometa kwa sabata ina kuti aliyense wokayikira adzayeze yekha nthawi ya buleki, pulifekiti mmodzi akuyang'anira chidacho.